Invoisi ya mphindi 6: K18,000 yasowera pati?

Funso: "Ndine mayi wa ku Lilongwe, ndimathandiza mabungwe ang'onoang'ono kukonza mabuku awo a ndalama. Ndimalipiritsa K45,000 pa ola ndipo nthawi ndimaiwerenga m'mayuniti a mphindi 6. Sabata yatha ndinagwirira bungwe lina ntchito 8, zonse pamodzi maola 7 ndi mphindi 41. Invoisi yanga yatuluka K364,500 koma akauntanti wawo akuti ikuyenera kukhala K346,500. Ndakutumizirani taimushiti yanga. Walakwitsa ndani? Nanga ndiziwerengera bwanji kuti tisamakangane chonchi?"

Mtima m'malo, Mayi. Ndadutsa mzere uliwonse wa taimushiti yanu ndipo palibe amene walakwitsa samu, inu kapena akauntantiyo. Palibenso amene akufuna kubera mnzake. Nonse mwagwiritsa ntchito mphindi zofanana ndi mtengo wofanana, koma mwasiyana pa chinthu chimodzi chokha: nthawi imene mwakwezera mphindi zotsalira kuti zikwane yuniti yathunthu. Inu mwakweza pa ntchito iliyonse kenako n'kuwonkhetsa. Iwo ayamba awonkhetsa kaye mphindi zonse n'kukweza kamodzi kumapeto. K18,000 yagona pamenepo basi.

Ndisanapite patali, nditchuleko chinthu chimene chingakusokeretseni. Mukayang'ana 364,500 ndi 346,500 muona ngati wina wangosinthanitsa 6 ndi 4 polemba. Anthu a mabuku a ndalama ali ndi kachizindikiro kawo, koti kusiyana kwa manambala awiri kukagawika ndi 9 popanda chotsala, uyambe wafufuza manambala osinthana malo. 18,000 imagawikadi ndi 9. Koma pano zangochitika mwangozi, chifukwa mtengo wanu wa yuniti imodzi, K4,500, nawonso umagawika ndi 9, ndiye kusiyana kulikonse kwa mayuniti kuzioneka choncho. Musataye tsiku kusakasaka cholakwika cha kalembedwe, kulibe.

Chifukwa chimene anthu anasankhira mphindi 6 n'chosavuta. Ola lili ndi mphindi 60, ukaligawa pakhumi gawo lililonse ndi mphindi 6. Choncho yuniti imodzi ndi 0.1 ya ola, ndipo mtengo wake mumaupeza pongochotsa ziro mmodzi kumapeto kwa mtengo wa pa ola. Kawerengedwe aka n'kofala kwambiri m'maofesi a maloya ku Britain ndi ku America, ndipo alangizi a ntchito zina anatengera komweko. Ubwino wake ndi woti mphindi zimene zimavuta kuchulukitsa ndi ndalama zimasanduka manambala wamba oti mungawonkhetse ngakhale pa kakyuleta ya pa foni. Pa njira yokwezera m'mwamba, mphindi 1 mpaka 6 ndi yuniti imodzi, 7 mpaka 12 ndi mayuniti awiri, 13 mpaka 18 ndi atatu, kumangopita choncho mpaka 55 kufika 60, amene ndi mayuniti 10, ola lathunthu. Simufunika kuloweza zonsezi. Gawani mphindi ndi 6, ndipo pakakhala chotsala chilichonse onjezerani yuniti imodzi.

Tsopano tiyeni tiyende m'sabata yanu monga ilili pa pepala. Lolemba munali ndi ntchito zitatu. Foni ya m'mawa, kuyambira 08:10 mpaka 08:14, inatenga mphindi 4, ndipo munalemba yuniti imodzi. Kuwerenga malisiti ndi masitetimenti a ku banki, kuyambira 09:00 mpaka 10:47, ndi mphindi 107. Mukagawa ndi 6 mupeza 17 ndi chotsala 5, ndiye mayuniti 18. Masana munayankha imelo ya mphindi 2, yuniti inanso imodzi. Lolemba lonse lakupatsani mayuniti 20.

Lachiwiri msonkhano unayamba 10:00 n'kutha 11:30. Mphindi 90 zimagawika bwinobwino, mayuniti 15, palibe chokweza. Madzulo munayankha uthenga wa pa WhatsApp kwa mphindi 3, yuniti imodzi. Lachitatu ndi tsiku limene munakhalira pansi kulemba lipoti, 13:15 mpaka 16:40, mphindi 205. Apa taonani bwino: mayuniti 34 ndi mphindi 204, ndiye kamphindi kamodzi kotsalako n'kamene kanabala yuniti ya 35. Zomwezo zinachitika Lachinayi pa foni ya mphindi 13, imene inakhala mayuniti atatu, komanso Lachisanu pa kukonza lipoti kwa mphindi 37, kumene kunakhala mayuniti 7. Katatu konse munadutsa malire ndi mphindi imodzi yokha, ndipo katatu konse kasitomala analipira mphindi 5 zimene wotchi sinaziwerenge.

Mukawonkhetsa 20, 16, 35, 3 ndi 7 mupeza mayuniti 81, amene ndi maola 8.1. Kuchulukitsa ndi K4,500 ndi K364,500, ndendende monga mwalembera. Akauntanti uja anatenga mphindi zenizeni zonse, 461, n'kugawa ndi 6. Zimapereka 76 ndi chotsala 5, iye n'kukweza kamodzi kufika 77. Mayuniti 77 ndi K346,500. Mayuniti anu 81 akuimira mphindi 486, kutanthauza kuti kukweza kwa pa mzere uliwonse kunaonjezera mphindi 25 pa sabatayo, pamene kwa iye kunaonjezera imodzi yokha. Mwasiyana mayuniti anayi.

Pali lamulo la samu limene likuthandizeni kudziwiratu kukula kwa kusiyanaku musanatumize invoisi ina. Mukamalemba nthawi m'mphindi zathunthu, kukweza kumaonjezera pakati pa 0 ndi mphindi 5 pa mzere uliwonse, ndipo mukatenga mizere yambiri, pakatikati pake ndi mphindi ziwiri ndi theka pa mzere. Choncho chimene chimakulitsa kusiyana si kutalika kwa ntchito ayi, koma kuchuluka kwa mizere. Munthu amene wagwira maola 40 m'mizere 10 waonjezera pafupifupi mphindi 25 zokha. Mnzake amene wagwira maola 40 omwewo m'mizere 120 ya timafoni ndi timauthenga waonjezera pafupifupi mphindi 300, maola 5 athunthu, amene pa mtengo wanu ndi K225,000. Kasitomala wa munthu wachiwiriyu ndi amene amadzabwera ndi mafunso, ndipo sakhala akulakwa kufunsa.

Nanga wolondola ndani? Yankho lili m'kontirakiti yanu, osati m'kakyuleta. Ikakhala kuti inanena kuti ntchito iliyonse iwerengedwa m'mayuniti a mphindi 6 ndipo gawo la yuniti liwerengedwa ngati yuniti yathunthu, invoisi yanu ili bwino, atumizireni ndimeyo pamodzi ndi taimushiti ndipo nkhani ithera pomwepo. Ikakhala kuti inangoti K45,000 pa ola osatchula za mayuniti, akauntantiyo waima poyera kuposa inu. Ndipotu wakukomerani mtima pang'ono, chifukwa mphindi 461 pa K750 mphindi iliyonse ndi K345,750. Vuto lenileni limakhala pakati, pamene pepala likunena za mayuniti a mphindi 6 koma silikunena ngati akwezedwa m'mwamba, kapenanso ngati ndi pa ntchito iliyonse, pa tsiku, kapena pa invoisi yonse. Mwambo wa kumene kawerengedweka kanachokera ndi wa mzere uliwonse, koma simungakakamize munthu mwambo umene simunamufotokozere. Zikakhala choncho, ine ndingati landirani K346,500 ulendo uno, ndipo m'kalata yomweyo mupemphe kuti mugwirizane kawerengedwe ka mtsogolo. Kasitomala wobwerera mwezi ndi mwezi ndi wodula kuposa mayuniti anayi.

Musamve ngati kukweza pa mzere uliwonse ndi chinyengo. Kuli ndi chifukwa chake chomveka. Foni ya mphindi 4 sikudyerani mphindi 4 zokha. Mumasiya chimene mumachita, mumatsegula fayilo ya munthuyo, mukamaliza mumalemba zimene mwagwirizana, kenako mumavutika kupeza pamene munalekezera ntchito ija. Yuniti yathunthu imalipira zonsezo. Ndipo poyerekeza ndi amene amawerenga m'magawo a mphindi 15, njira yanu ndi yofatsa: imelo yanu ya mphindi 2 ikanakhala K11,250 m'malo mwa K4,500. Pamene njirayi imaipira ndi pamene munthu wayamba kuduladula ntchito imodzi kuti mizere ichuluke.

Tengani ntchito ya Lolemba ya mphindi 107 ija. Tiyerekeze kuti mutawerenga kwa mphindi 50 munaimirira kukatsegulira mlendo pageti, n'kubwerera kudzamaliza mphindi 57 zotsalazo. Mukalemba mizere iwiri, 50 ikhala mayuniti 9 ndipo 57 ikhala 10, pamodzi 19. Ntchito yomweyo, mphindi zomwezo, yakwera ndi K4,500 chifukwa cha mlendo amene kasitomala sakumudziwa n'komwe. Choyenera ndi kuphatikiza zidutswa za ntchito imodzi ya tsiku limodzi musanakweze. Chimodzimodzi mauthenga. Mukakhala pansi n'kuyankha maimelo 10 a kasitomala mmodzi m'mphindi 15, amenewo ndi mayuniti atatu a mzere umodzi, osati mayuniti 10. Amene amalemba 10 akulipiritsa ola lathunthu pa ntchito ya kota ya ola, ndipo tsiku lina adzapezeka kuti walipiritsa maola 11 pa tsiku limene anakhala pa desiki maola 8. Imeneyi ndi njira yabwino yodziyesera nokha: kumapeto kwa tsiku wonkhetsani mayuniti a makasitomala onse ndi kuyerekeza ndi nthawi imene munayamba ndi kuweruka. Akapitirira ndi zoposa theka la ola, yang'ananinso mmene mukudulira mizere.

Pakati pa njira yanu ndi ya akauntanti pali zina ziwiri zimene mungagwirizanepo. Yoyamba ndi kuwonkhetsa mphindi za tsiku lililonse n'kukweza kamodzi pa tsiku. Lolemba lanu likhala mphindi 113, mayuniti 19 m'malo mwa 20. Masiku enawo sasintha, ndiye sabata ituluka mayuniti 80, K360,000. Yachiwiri ndi kupita ku yuniti imene ili pafupi, kukweza chotsala chikafika mphindi 3 ndi kutsitsa chikakhala chochepera apo. Pamenepo 205 itsika kukhala 34, 13 ikhala 2, 37 ikhala 6, ndipo sabata ituluka 77, mofanana ndi akauntanti uja. Njira imeneyi pakapita nthawi imayandikira kwambiri mphindi zenizeni chifukwa zokwera ndi zotsika zimafafanizana. Koma ili ndi dzenje lake: imelo ya mphindi 2 imasanduka ziro, mwagwira ulere. N'chifukwa chake oigwiritsa ntchito amaonjezera mawu oti ntchito iliyonse siichepera yuniti imodzi, ndipo ndi mawu amenewo sabata yanu ikhala 78, K351,000.

Mukandifunsa kuti mwa zonsezi ndingasankhe iti pa ntchito ngati yanu, imene imasakaniza misonkhano yaitali ndi timafunso ta apo ndi apo, ndingatenge yokweza pa ntchito iliyonse, koma nditaphatikiza timauthenga tonse ta tsiku limodzi kukhala mzere umodzi. N'njosavuta kufotokoza, n'njosavuta kuitsimikiza, ndipo imachotsa chimene chimapweteka makasitomala kwambiri, kuona K4,500 pambali pa mawu oti "kuyankha uthenga" kasanu pa tsamba limodzi. M'kontirakiti, kaya ili m'chinenero chanji, ndimeyo inene zinthu izi momveka: kuti yuniti ndi mphindi 6, kuti gawo la yuniti liwerengedwa lathunthu, kuti kukweza kuchitika pa ntchito iliyonse ya tsiku limodzi, komanso kuti mafoni ndi mauthenga aafupi a tsiku limodzi aphatikizidwa. Onjezerani chiganizo chimodzi chonena ngati nthawi ya pa ulendo wopita ku ofesi yawo ilipiridwa, chifukwa mkangano wotsatira umabadwira pamenepo.

Tibwere ku kuwonkhetsa kwenikweniko, kumene ndalama zambiri zimatayikira mwakachetechete kuposa pa kukweza. Cholakwika chofala kwambiri ndi kutenga maola ndi mphindi ngati desimo. Maola 7 ndi mphindi 41 si 7.41. Mukanachulukitsa 7.41 ndi K45,000 mukanapeza K333,450, mutadzibera nokha K12,300 poyerekeza ndi mtengo wa mphindi zenizeni. Ola limodzi ndi theka ndi 1.5, osati 1.30. Ndipo kumbali inayo, kasitomala akaona 8.1 pa invoisi asaganize kuti ndi maola 8 ndi mphindi imodzi kapena 10, ndi maola 8 ndi mphindi 6. Mankhwala ake ndi kusawonkhetsa konse maola a kadontho. Wonkhetsani mayuniti, amene ndi manambala athunthu, ndipo mugawe ndi 10 kamodzi kokha kumapeto poonetsa maola.

Ngati mumagwiritsa ntchito Excel, ikani tsiku mu kolamu A, nthawi yoyambira mu B, yomalizira mu C, ndipo mtengo wa pa ola muuike pawokha mu J1. Mu D mukhale mphindi, mu E mayuniti, mu F maola, mu G ndalama. Pa mzere wachiwiri mafomula ake ndi awa, motsatana kuyambira D2 mpaka G2:

```
=ROUND((C2-B2)*1440,0)
=ROUNDUP(D2/6,0)
=E2/10
=E2*$J$1/10
```

Nambala ya 1440 ndi mphindi za tsiku lathunthu. Excel imasunga nthawi ngati gawo la tsiku, moti 12:00 masana kwa iyo ndi 0.5, ndiye kuti mupeze mphindi mumachulukitsa kusiyanako ndi 1440. Mukaona D2 ikuonetsa zinthu ngati 00:00 m'malo mwa 107, musadandaule, kabokosiko kangotengera maonekedwe a nthawi. Kasintheni kukhala Number kapena General. Pa makompyuta ena fomula imafuna chizindikiro cha ; pamalo pa koma, ndipo ikakana ndi pamenepo poyambira kuyang'ana.

ROUND ya pa fomula yoyambayo musaichotse, ngakhale ikuoneka ngati yosafunika. Kompyuta siisunga ndendende magawo ngati mphindi 6 za tsiku, imasunga nambala yoyandikira kwambiri. Ukachotsa nthawi ina pa inzake, nthawi zina zotsatira zimakhala 6 ndi kachidutswa kakang'ono kwambiri kamene sikaoneka pa sikirini. Diso lanu likuona 6, koma ROUNDUP ikuona kuti yadutsa 6, ndiye imapereka mayuniti awiri m'malo mwa imodzi. Chizindikiro chake ndi ichi: ntchito ya mphindi zogawika bwino ndi 6, monga 30 kapena 90, ikutuluka ndi yuniti imodzi yoonjezera, koma pa mizere ina yokha, ina ili bwinobwino. Anthu amene amalemba fomula imodzi ya CEILING molunjika pa C2-B2 ndi amene amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri. Mukayamba mwasandutsa nthawi kukhala mphindi zathunthu, vutoli silibwera.

Dziwaninso kuti ROUND imeneyi ikupanga chisankho pa masekondi. Ngati nthawi yanu imachokera ku pulogalamu yowerenga ndi masekondi omwe, foni ya mphindi 6 ndi masekondi 20 itsitsidwa kukhala mphindi 6, yuniti imodzi. Ine ndimaona kuti n'koyenera, palibe kasitomala amene angamvetse kulipira K4,500 chifukwa cha masekondi 20 otsanzikana. Koma pulogalamuyo payokha ikhoza kukweza kufika mayuniti awiri, ndiye mukaona lipoti lake likusiyana ndi Excel yanu, yang'anani pamene pali zosankha za kukweza musanakayikire mafomula.

Pansi pa mizere yanu 8, chiwonkhetso cha mayuniti ndi cha ndalama chikhale chotere, ndipo fomula yachitatuyo ikupatseni nambala ya akauntanti uja kuti muziona kusiyana musanatumize:

```
=SUM(E2:E9)
=SUM(E2:E9)*$J$1/10
=ROUNDUP(SUM(D2:D9)/6,0)
```

Yoyamba ipereke 81, yachiwiri 364500, yachitatu 77. Yachiwiriyo iyenera kufanana ndi chiwonkhetso cha kolamu G. Zikasiyana, kawirikawiri pali mzere umene wina analemba nambala pamanja pamwamba pa fomula, kapena munaonjezera mzere pansi ndipo SUM sinaufikire. Mukagwirizana za njira ya yuniti yapafupi yokhala ndi poyambira pa yuniti imodzi, E2 isinthe kukhala iyi, imene imasiyanso mizere yopanda kanthu pa ziro:

```
=IF(D2=0,0,MAX(1,ROUND(D2/6,0)))
```

Pali misampha ina iwiri ya nthawi. Ntchito ikadutsa pakati pa usiku, monga 23:30 mpaka 00:20, C2-B2 imatuluka yochepera ziro. Mukhoza kulemba MOD(C2-B2,1) m'malo mwake ndipo ipereka mphindi 50 molondola. Koma samalani nayo, chifukwa imabisanso zolakwika. Mukasinthanitsa mwangozi nthawi yoyambira ndi yomalizira pa msonkhano wa Lachiwiri uja, siidandaula, ingokupatsani maola 22 ndi theka. Ngati simugwira ntchito usiku, isiyeni fomula yoyamba ija kuti nambala yolakwika izionekera. Msampha wina ndi wa amene amawonkhetsa nthawi ili m'maonekedwe a wotchi: ikadutsa maola 24 imayambiranso, moti maola 26 ndi mphindi 30 amaoneka ngati 2:30. Maonekedwe a [h]:mm amakonza zimenezo, koma mukamawonkhetsa mayuniti simukumana nazo n'komwe.

Za matambala sizikukhudzani panopa chifukwa K45,000 imagawika bwino ndi 10. Tsiku limene mudzakhale ndi mtengo wosagawika bwino, kapena wa madola wosinthidwa kukhala makwacha, musadzadule matambala pa mtengo wa yuniti imodzi kenako n'kuchulukitsa. Chulukitsani mayuniti onse ndi mtengo wa pa ola, gawani ndi 10, ndipo mudule kamodzi kumapeto. Kachidutswa kodulidwa pa yuniti imodzi kamabwerezedwa ka 81.

Pa invoisi penipenipo simufunika kuika mizere yonse. Mzere umodzi wonena masiku a ntchitoyo, mayuniti 81, maola 8.1, mtengo wa pa ola ndi ndalama zonse ndi wokwanira, ndipo pansi pake chiganizo chimodzi chofotokoza kawerengedwe. Taimushiti ipite ngati tsamba lachiwiri, ikuonetsa tsiku, ntchito, nthawi yoyambira ndi yomalizira, mphindi zenizeni ndi mayuniti. Alangizi ena amaopa kuonetsa mphindi zenizeni poganiza kuti akudziulula. Ine ndimaona mosiyana. Akauntanti amene wapatsidwa mayuniti okha amayamba kukayika zonse, pamene amene akuona 205 pambali pa 35 amatha kutsimikiza yekha m'mphindi ziwiri n'kusainira. Kafotokozedwe ka ntchito nakonso kakhale kogwirika. "Kuyerekeza sitetimenti ya ku banki ya mwezi wathawu ndi buku la ndalama zotuluka" kumalipiridwa msanga kuposa "ntchito ya mabuku". Ndipo nthawi muzilemba pomwepo mukangomaliza. Taimushiti yolembedwa Lachisanu madzulo kuchokera m'mutu imadziwika, mizere yake yonse imathera pa 00 ndi 30.

Mukavomera kutsitsa invoisi imene mwatumiza kale, musaifufute n'kutulutsa ina ya nambala yomweyo. Lembani kirediti noti, chikalata chochotsera ndalama pa invoisi, ya K18,000 yotchula nambala ya invoisi yoyambayo ndi chifukwa chake, kuti mabuku anu ndi awo azinena chimodzi. Ngati munalembetsa VAT ku MRA, msonkhowo umawerengedwa pa ndalama zonse za ntchito mutamaliza kuwonkhetsa, osati pa mzere uliwonse, ndipo kirediti notiyo iyenera kubweza ndi gawo lake la VAT lomwe. Apa ndi pamene ndingakulimbikitseni kuonana ndi akauntanti wovomerezeka ndi ICAM, bungwe la maakauntanti m'Malawi, kapena kufunsa ku MRA komweko, makamaka ngati invoisiyo yalowa kale m'ritani ya VAT ya mwezi umene wapita. Loya mungamufune pokhapokha kasitomala atayamba kuwerengeranso mainvoisi a miyezi yambiri imene analipira kale n'kumafuna kuti mubweze, kapena atakana kulipira yonse chifukwa cha mayuniti anayi okhawa. Pamenepo musayankhe pa foni, pemphani kuti alembe, ndipo pitani kwa loyayo ndi kontirakiti, mataimushiti onse ndi mauthenga alionse amene munatchulamo za mphindi 6, ngakhale a pa WhatsApp.

Ndalama zikadzalowa ku akaunti yanu zili zochepera ngakhale pa K346,500, musathamangire kuganiza kuti adulanso mayuniti ena. Mabungwe amadula msonkho wodulidwiratu pa malipiro a alangizi n'kukaupereka ku MRA m'dzina lanu. Afunseni satifiketi ya msonkho umenewo, muwonkhetse ndalama yolembedwapo ndi imene yalowa ku banki, ndipo muone ngati zikukwana pa invoisi mutachotsa kirediti noti ija.